Lipoti la nkhani: PlayStation ziwiri zitasiya kulumikizana ndi intaneti marauta atarisetedwa pa sitolo ina ku Chikwawa

Malo ndi zipangizo

Nkhaniyi inachitika pa sitolo ina ya pa msika wa m'mbali mwa msewu wa M1, pakati pa Nchalo ndi Ngabu. Kutsogolo kwa nyumbayo kuli golosale, ndipo kuseri kuli chipinda chimene anyamata amalipira kuti asewere magemu, makamaka a mpira, nthawi zina okhaokha ndipo nthawi zina ndi anzawo a ku Blantyre kapena ku Joni kudzera pa intaneti. M'chipindamo muli makonsolo awiri. Ina ndi PlayStation 4 ya mtundu woyamba, umene unatuluka mu 2013, ndipo inayo ndi PlayStation 4 Slim, ya mtundu wa mu 2016. Ya mtundu woyamba imamva wayifayi ya 2.4 GHz yokha, pamene Slim imamvanso ya 5 GHz.

Intaneti imalowa kudzera pa rauta ya 4G yokhala ndi simukhadi, imene inaikidwa m'golosale pafupi ndi zenera poti ndi pamene netiweki imagwira bwino. Wayifayi ya rauta imeneyi sidutsa bwino khoma la njerwa, choncho mmisiri amene anakonza zinthuzi poyamba anakoka waya wautali kupita kuseri, n'kuikako rauta yachiwiri yogulidwa kwa munthu. M'golosale mulinso makamera ndi makina osungira zithunzi zake, ndipo eni sitolo ankatha kuona makamerawo pa foni ali kumunda kapena ku boma. Mmisiri uja anasamuka, ndipo sanasiye pepala lililonse lonena mmene anatcherera zipangizozi.

Vuto loyamba linayamba mu Okutobala, dzuwa la kuchigwa litafika pake. Wayifayi ya kuseri inkaduka masana ndi madzulo, gemu n'kuima pakati, osewera n'kuyamba kufuna ndalama zawo. Mphwawo wa eni sitolo, mnyamata amene amayang'anira chipindacho, ankazimitsa rauta n'kuiyatsanso, ndipo zinkatheka kwa kanthawi. Tsiku lina atatopa nazo anatenga kachitsulo kotsegulira simukhadi ya foni, nabaya kabowo kolembedwa `RESET` pa rauta ya kuseri mpaka timagetsi take tonse tinaphethira. Ataona kuti zinthu zangoipiraipira, anapita kutsogolo n'kuchitanso zomwezo pa rauta ya 4G. Kenako anawerenga dzina ndi pasiwedi zolembedwa kunsi kwa rautazo, nalowetsanso makonsolo ndi mafoni pa wayifayi.

Pondiitana, eni sitolo anati intaneti ilipo ndithu popeza mafoni akugwira ntchito, ndipo iwo ankakhulupirira kuti makonsolo onse awiri apsa ndi magetsi. Anali atafunsa kale mtengo wokawatumizira ku Limbe.

Adiresi yochokera ku rauta yolakwika

Ndisanagwire rauta iliyonse ndinayamba ndi konsolo yeniyeniyo, pakuti PlayStation 4 imanena yokha pamene yalepherera. Pa `Settings`, kenako `Network`, pali `Test Internet Connection`, imene imayesa zinthu motsatana: `Obtain IP Address`, `Internet Connection`, `PlayStation Network Sign-In`, `NAT Type`, n'kumalizira ndi liwiro. Pa makonsolo onse awiri mzere woyamba unati `Successful`, wachiwiri n'kunena `Failed`. Zimenezi zinathetsa nthawi yomweyo nkhani yoti makonsolo apsa, chifukwa konsolo imene yalowa pa wayifayi n'kulandira adiresi ndiye kuti mbali yake yolumikizira ili bwino. Chimene chinkasowa chinali njira yotulukira kunja.

Nditatsegula `View Connection Status` ndinapeza kuti konsolo yalandira adiresi ya 192.168.0.101, ndipo `Default Gateway` yake, khomo lotulukira ku intaneti, inali 192.168.0.1. Koma kunsi kwa rauta ya 4G kunalembedwa kuti adiresi yake ndi 192.168.1.1. Adiresi ya 192.168.0.1 inali ya rauta ya kuseri, imene ilibe intaneti yakeyake. Nditasuzumira kumbuyo kwa rautayo ndinaona kuti waya wautali uja walowa pa bowo la `LAN`, lolumikizira zipangizo za mkati, pamene bowo la `WAN`, lolandirira intaneti yochokera kunja, linali lopanda kanthu, lodzaza fumbi, kusonyeza kuti silinagwirepo ntchito.

Apa m'pamene panali mtima wa vuto lonse. Rauta iliyonse ikamachoka kufakitale imakhala ndi `DHCP` yoyatsa, imene ndi ntchito yogawira chipangizo chilichonse adiresi ndi kuchiuza khomo lotulukira ku intaneti. Mmisiri woyamba uja anaigwiritsa rauta yachiwiri ngati chowonjezera wayifayi chabe: anazimitsa `DHCP` yake, naipatsa adiresi ya m'gulu la rauta ya 4G, n'kulumikiza awiriwo `LAN` ndi `LAN`. Kutchera kotereku n'kolondola, koma kumakhala m'masetingi okha, ndipo kuriseta kumafufuta zonsezo waya n'kutsala pomwe unali. Choncho pa netiweki imodzi panali marauta awiri ogawa maadiresi. Chipangizo chikapempha adiresi, kawirikawiri chimatenga yankho limene lafika poyamba, ndipo kwa makonsolo a kuseri yoyamba kuyankha inkakhala rauta yomwe ili nawo m'chipinda momwemo. Inkawauza kuti khomo ndi iyoyo, pamene kuseri kwa khomolo kulibe kanthu.

Pofuna kutsimikiza ndinalumikiza laputopu ndi waya, n'kupempha adiresi mobwerezabwereza:

```
ipconfig /release
ipconfig /renew
ipconfig /all
```

Mzere wa `DHCP Server` unkaonetsa 192.168.0.1 nthawi zambiri, koma mwa apo ndi apo unkaonetsa 192.168.1.1, ndipo pa nthawi zimenezo zokha ndi pamene laputopu inkatsegula masamba. Vuto lobwera n'kumapita lotere, limene chipangizo chimodzi chikugwira pamene china pambali pake chikukana, lizikukumbutsani za `DHCP` ziwiri musanayambe kuimba mlandu kampani ya netiweki.

Nanga mafoni ankagwira bwanji? Ena anali pa wayifayi ya rauta ya 4G ndipo anachita mwayi wolandira adiresi yolondola. Koma ambiri, kuphatikizapo ya eni sitolo, ankangobwerera ku data ya m'simukhadi zawo akaona kuti wayifayi ilibe intaneti, osanena chilichonse. Nditawapempha kuti azimitse data pa foni yawo, WhatsApp inaima pomwepo. Mphwawo uja ndiye anakumbukira kuti sabata imeneyo bandulo yake inatha msanga modabwitsa. Umboni woti "mafoni akugwira" ndi wosadalirika mpaka data itazimitsidwa, ndipo konsolo ilibe njira ina yothawira, n'chifukwa chake imaoneka ngati ndiyo yokha yodwala.

Panali njira ziwiri zokonzera. Yapafupi inali kungozula waya pa `LAN` n'kuulowetsa pa `WAN`, ndipo intaneti ikanabwera m'mphindi imodzi. Sindinasankhe njira imeneyi, chifukwa ikanaika makonsolo kuseri kwa marauta awiri, iliyonse ikubisa maadiresi a mkati mwake, ndipo zopempha za konsolo zoti itsegulidwire njira zikanathera pa rauta yachiwiri osafika pa ya 4G. Kwa wongofuna kuonera mavidiyo zimenezi sizivuta, koma kwa wosewera ndi anthu a kutali ndi msampha. Ndinasankha kubwezeretsa mmene zinalili kale.

Dongosolo la ntchitoyi ndi lofunika. Ndinayamba ndazula waya wautali uja kuti marauta asasokonezane, n'kutsala ndi laputopu yokha pa bowo la `LAN` la rauta ya kuseri. Nditalowa pa 192.168.0.1 ndinasintha adiresi ya rautayo kukhala 192.168.1.2, nditaona kale kuti rauta ya 4G imagawa kuyambira 192.168.1.100 kupita m'tsogolo, choncho palibe chipangizo china chingapatsidwe adiresi yomweyo. Rauta itayakanso ndinalowa pa adiresi yatsopanoyo, ndipo apa m'pamene ndinazimitsa `DHCP`. Mukayamba ndi kuzimitsa `DHCP`, laputopu imasowa adiresi rauta ikangoyakanso, ndipo mumadzitsekera kunja mpaka mutailembera adiresi pamanja. Nditabwezera waya pa `LAN` ndi kuyatsanso makonsolo, onse awiri analandira maadiresi a 192.168.1, ndipo mizere itatu yoyamba ya mayeso inati `Successful`.

NAT Type 3 ndi makamera amene anazima

Mzere wachinayi unati `NAT Type 3`. Pa PlayStation, `Type 1` ndi konsolo yolumikizidwa ku intaneti mwachindunji, `Type 2` ndi imene ili kuseri kwa rauta koma ikutha kulandira mauthenga ochokera kwa osewera ena, ndipo `Type 3` ndi imene njira zake zolandirira zatsekeka. Ndi `Type 3` munthu amalowa mu akaunti yake ndi kukopera magemu bwinobwino, koma kupeza wosewera naye kumachedwa kapena kulephereka, ndipo kulankhulana pa mahedifoni kumaduka. Mnyamata uja ananenetsa kuti kale pankalembedwa `Type 2`, ndipo ndinamukhulupirira poti ndiye amakhala nazo tsiku ndi tsiku.

Pa rauta ya 4G ndinapeza `UPnP` ili yozimitsa, monga mmene rauta imeneyi imachokera kufakitale. `UPnP` imalola konsolo kupempha yokha rauta kuti iitsegulire mapoti amene ikufuna, omwe ndi timakomo tamanambala todutsira mauthenga. Ndinaiyatsa, ndinazimitsa makonsolo kwenikweni osati kungowagoneka pa `Rest Mode`, n'kuyesanso. Panalembedwabe `Type 3`.

Amisiri ambiri akafika apa amayamba kutsegula mapoti pamanja. Mapoti a PlayStation Network ndi odziwika: TCP 80, 443, 3478, 3479 ndi 3480, komanso UDP 3478 ndi 3479. Ena amaika konsolo pa `DMZ`, imene imalozera mauthenga onse ochokera kunja ku chipangizo chimodzi. Musanataye nthawi ndi zimenezi, yang'anani kaye adiresi imene rauta yalandira kuchokera ku kampani ya netiweki, yolembedwa `WAN IP` pa tsamba loyamba. Pa rauta iyi inkayamba ndi 100.72. Maadiresi onse kuyambira 100.64.0.0 kufika 100.127.255.255 anapatulidwa kuti makampani azigawira makasitomala ambiri kuseri kwa adiresi imodzi yeniyeni, ndipo makampani ena amagwiritsa ntchito maadiresi oyamba ndi 10 pa cholinga chomwecho. Zikakhala choncho ndiye kuti pali rauta ina yaikulu ya kampani imene inu simungaikhudze. Mungatsegule poti iliyonse pa rauta yanu, uthenga wochokera kunja sufika n'komwe pa rautayo. Ziri ngati kutsegula chitseko cha nyumba pamene geti la mpanda lakiyidwa ndi munthu wina.

Funso linali lakuti kale zinkatheka bwanji ndi simukhadi yomweyi. Yankho linachokera ku funso limene ndimafunsa nthawi zonse pa nkhani za kuriseta: kodi pali china chimene chinasiya kugwira ntchito tsiku lomwelo? Eni sitolo anaganiza pang'ono, kenako anati, "Makamera sakuonekanso pa foni ndikachoka pano, koma ndimati ndi nkhani ina imeneyo, achimwene." Sinali nkhani ina. Makina awo osungira zithunzi ndi a mtundu wofuna kuti foni iwafikire mwachindunji kuchokera kunja, ndipo zimenezo sizitheka popanda adiresi yeniyeni ya pa intaneti. Izi zinatanthauza kuti mmisiri woyamba anawakonzera simukhadi yokhala ndi adiresi yotere, ndipo pa netiweki ya 4G adiresi yotere kawirikawiri imabwera kudzera pa `APN` yapadera. `APN` ndi dzina limene rauta imatchula polowa mu netiweki ya kampani, ndipo dzinalo ndi limene limasankha mmene simukhadi ilumikizidwire. Kuriseta kunafufuta `APN` yapaderayo, rauta n'kudzisankhira ya anthu onse. Intaneti inabwera ndithu, n'chifukwa chake palibe amene anakayikira kuti pasintha kanthu.

Dzina la `APN` tinalipeza mu foni ya eni sitolo, pa chithunzi cha tsamba la masetingi chimene mmisiri uja anawatumizira kalekale pa WhatsApp. Sindinalembe dzinalo mongotengera chithunzi. Ndinawapempha kuti aimbe okha ku kampani, poti simukhadi ili m'dzina lawo, ndipo anatsimikiziridwa kuti ikadali pa ndondomeko yomweyo imene akhala akulipira mwezi ndi mwezi. Ndinapanga `Profile` yatsopano, ndinalembamo `APN`, n'kuiika kuti ikhale yoyamba. Rauta italumikizanso, `WAN IP` inasintha ndipo inafanana ndi adiresi imene masamba oonetsa adiresi ya munthu ankaonetsa pa laputopu. Kufanana kumeneku ndiye chizindikiro choti pakati palibenso rauta ina yobisa. Makonsolo onse awiri anati `Type 2`.

Ndinasiya `UPnP` yoyatsa m'malo motsegula mapoti pamanja, pa chifukwa chakuti makonsolo ndi awiri. Poti imodzi imatha kulozedwa ku chipangizo chimodzi chokha, ndipo `DMZ` imalandiranso chimodzi, choncho konsolo inayo ikanatsala. `UPnP` ili ndi kuipa kwake, poti chipangizo chilichonse cha mkati chingathe kudzitsegulira njira, ndipo rauta yokhala ndi adiresi yeniyeni imaoneka kwa aliyense pa intaneti. N'chifukwa chake ndinasintha pasiwedi yolowera mu rauta, imene inabwerera ku ya kufakitale, ndinaonetsetsa kuti `Remote Management`, yolola munthu kulowa mu rauta ali kunja, ndi yozimitsa, ndipo ndinasinthanso pasiwedi ya makina a makamera ndisanawabwezerere njira yawo.

Vuto loyamba lija

Zonsezi zinangobwezera sitolo pamene inali mnyamata uja asanabaye kabowo. Kuduka kwa wayifayi kumene kunayambitsa nkhani yonse kunali kusanathe.

Rauta ya kuseri inali pamwamba pa kabati, pafupi kwambiri ndi malata, ndipo masana sinkagwirika ndi dzanja. Marauta ambiri a m'nyumba amapangidwa kuti azigwira ntchito pa kutentha kosapitirira 40°C, ndipo kuno kuchigwa mu Okutobala ndi Novembala kunja kokha kumapyola pamenepo, nanji kunsi kwa malata. Mzere wa `Uptime`, wonena nthawi imene rauta yakhala ili yoyaka, unkabwerera ku ziro masana popanda magetsi kuthima, kusonyeza kuti inkadzizimitsa n'kuyakanso yokha. Ndinaitsitsa n'kuipachika pakhoma la mbali ya mthunzi, pamalo popita mphepo.

Pa tsamba lomwelo ndinaona kuti fimuweya yake, pulogalamu ya mkati imene imayendetsa rauta, inali yoyamba ija imene inabwera nayo. Batani la `Check for Updates` linkalephera. Chifukwa chake n'choyenera kuchidziwa: rauta yolumikizidwa `LAN` ndi `LAN` imadutsitsa intaneti ya zipangizo zina, koma iyo yokha nthawi zambiri imafuna intaneti kudzera pa `WAN`, kumene kulibe waya. Motero siidziwa kuti kwatuluka fimuweya yatsopano, ndipo ngakhale wotchi yake imakhala yolakwika, zimene zimapangitsa masiku a mu `System Log` kukhala osathandiza. Marauta ambiri otcheredwa motere amakhala zaka osasinthidwa, eni ake akuganiza kuti zonse zili m'malo.

Sindinasinthe fimuweya tsiku limenelo. Magetsi anali akuthimathima, batire la inveta linali litatsika chifukwa cha firiji ya m'golosale, ndipo rauta ikazima pakati pa kulemba fimuweya imatha kufa osadzukanso. Komanso ndinkafuna kuona kaye chimene kuitsitsa kokha kungachite, chifukwa mukasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi simudziwa imene yachiza. Ndinapempha mnyamata uja kuti wayifayi ikaduka azijambula tsamba la `Uptime` kuchokera pa konsolo ya Slim, imene ndinailumikiza ndi waya, poti PlayStation 4 ili ndi pulogalamu yotsegulira masamba.

Zithunzi zake zinasiyanitsa mavuto awiri. Kudzizimitsa kwa masana kunatha, ndiye kuti kumeneko kunali kutentha. Koma madzulo a kumapeto kwa mwezi, antchito a m'minda ya nzimbe atalandira ndipo chipinda chadzaza mafoni, wayifayi inkaumabe pamene `Uptime` ikupitirira kuwerenga ndipo konsolo ya pa waya ikusewera osaduka. Rauta sinkazima, koma mbali yake ya wayifayi ndiyo inkakomoka zipangizo zikachuluka. Pa tsamba la opanga rautayo, ndemanga za fimuweya yatsopano zinatchula kukonzedwa kwa vuto la mtundu womwewu.

Posankha fayilo sindinadalire dzina la rauta lokha. Kunsi kwa rauta, pafupi ndi dzinalo, pamalembedwa `Ver` ndi nambala, ndipo marauta awiri ofanana dzina ndi maonekedwe amatha kukhala ndi zamkati zosiyana kotheratu. Opanga ena amasiyanitsanso fayilo malinga ndi dera limene rauta inagulitsidwa, zimene n'zofunika kwa ife amene zipangizo zathu zimachokera uku ndi uku. Fayilo yolakwika, rauta ikachita mwayi imaikana, koma ikapanda mwayi imafa nayo. Ndinabwerera m'mawa batire litadzaza, tinazula firiji kwa kanthawi, ndinalumikiza laputopu ndi waya osati wayifayi, n'kutumiza fayilo pa `Firmware Upgrade`. Ntchitoyi imatenga mphindi zochepa, timagetsi timaphethira ndipo rauta imadziyatsanso yokha. Chachikulu pa nthawiyi ndi kuletsa aliyense kukhudza soketi.

Itatha, ndinairiseta mwadala, waya wautali uja nditauzula, n'kulembanso masetingi pamanja. Ndinali nditasunga fayilo ya masetingi akale, koma sindinaibwezere, chifukwa fayilo yosungidwa pa fimuweya yakale imatha kubweretsa zinthu zosagwirizana ndi yatsopano, n'kuyambitsa mavuto ovuta kuwatsata. Kuriseta pakokha sikoipa. Kusiyana kwake ndi kwa mnyamata uja kunali kwakuti ulendo uno zonse zoti zibwezeretsedwe zinali zitalembedwa kale papepala.

Kenako panabuka chopinga chimene sichinalipo pa fimuweya yakale. Mafoni onse analowa pa wayifayi, koma PlayStation ya mtundu woyamba inkaona dzina la netiweki n'kukana kulowa, ngakhale pasiwedi inali yolondola. Fimuweya yatsopano inabwera ndi chitetezo cha `WPA2/WPA3` chosakaniza, ndiponso inaphatikiza 2.4 GHz ndi 5 GHz pa dzina limodzi. PlayStation 4 siidziwa `WPA3`, ndipo ngakhale kusakanizako kunapangidwa kuti zipangizo zakale zizilowabe, zina zimakana ndithu. Ndinaika `WPA2-PSK` ndi `AES`, ndinalekanitsa maina awiriwo, ndipo pa 2.4 GHz ndinachotsa `Auto` n'kusankha tchanelo 6 ndi m'lifupi wa 20 MHz, nditaona kuti rauta ya kutsogolo ili pa tchanelo 1. Matchanelo 1, 6 ndi 11 ndi amene salowererana. Kusiya `Auto` kuli ndi ngozi inanso, yakuti rauta ingasankhe 12 kapena 13, amene zipangizo zopangidwira msika wa ku America nthawi zambiri siziwaona, netiweki n'kungosowa pa mndandanda. Pa konsolo ndinayambiranso `Set Up Internet Connection`, ndinasankha dzina la 2.4 GHz, ndipo inalowa n'kunena `Type 2`.

Wina angafunse chifukwa chimene sindinangoika makonsolo onse pa waya, poti waya umaposa wayifayi pa magemu. Slim inatsala pa waya. Ya mtundu woyamba imatulutsidwa pakhonde pamodzi ndi kanema wake anthu akachuluka kapena m'chipinda mukatentha kwambiri, ndipo eni sitolo sanafune waya wodutsa pakhomo pamene makasitomala amapondapo.

Zotsatira

Ndisanachoke ndinasunga fayilo ya masetingi ya rauta iliyonse kudzera pa `Backup`, ina pa fulashi ndipo ina mu foni ya eni sitolo, dzina la fayilo likutchula nambala ya fimuweya. Ndinalembanso pepala limodzi lokhala ndi maadiresi a marauta awiriwo, `APN`, bowo limene waya ukuyenera kulowa, ndi mawu oti `DHCP` ya kuseri ikhale yozimitsa. Mnyamata uja ndinamuonetsa mmene angawerengere mayeso a konsolo: ukalephera mzere woyamba ayang'ane wayifayi kapena waya, ukalephera wachiwiri ayang'ane `Default Gateway` ndi bandulo, ndipo `NAT Type` ikasintha ayang'ane `WAN IP`. Eni sitolo anamata tepi pa timabowo tonse tiwiri ta `RESET`.

Mvula itayamba magetsi anathima kambirimbiri, marauta n'kumazima ndi kuyaka, koma masetingi sanasunthe, pakuti kuthima kwa magetsi sikufufuta zimene zinasungidwa. Kuuma kwa wayifayi kwa kumapeto kwa mwezi sikunabwererenso. Kamodzi konsolo ya mtundu woyamba inanena `Type 3` magetsi atangobwera, ndipo zinapezeka kuti inayaka rauta ya 4G isanamalize kulumikiza. Mnyamatayo anadikira pang'ono, naizimitsa n'kuiyatsanso, ndipo inabwerera pa `Type 2` popanda kuitana munthu.

Chimene chinatsala ndi kuchedwa kwa gemu madzulo, kuyambira cha m'ma 6 koloko mpaka cha m'ma 9. Mayeso a `ping` anaonetsa kuti kuchokera pa laputopu kufika pa rauta ya 4G yankho limabwera msanga nthawi zonse, ndipo kuchedwako kumayambira kunja kwa rautayo, pa nthawi imene anthu ambiri a pamsika ali pa nsanja imodzi ya netiweki. Zimenezi sizikonzeka ndi masetingi a m'sitolo. Eni sitolo anasankha kuti zowonjezera za magemu, zimene zimakhala zikuluzikulu, zizikoperedwa usiku atatseka, makonsolo ali pa `Rest Mode`, ndipo anasintha pasiwedi ya wayifayi ya kuseri kuti azipatsidwa okhawo amene alipira.